Galasi la nyali silifuna mchenga

Galasi la nyali ya palafini likada ndi mwaye, dzanja la munthu amene anakula akutsuka mapoto limathamangira komwe linazolowera. Amatapa kamchenga pabwalo, kapena phulusa la pamafuwa, kapena waya wotsukira mapoto, n'kuyamba kukwecha. Galasilo limayeradi, ndipo madzulo a tsikulo nyali imawala bwino. Patapita masabata angapo, nyali ili chiyakire patebulo, pamangomveka kuti the! Mng'alu wayenda kuchokera m'munsi kukafika pamwamba. Zikatero anthu timati magalasi a masiku ano ngosalimba, pamene nthawi zambiri galasilo linavulala kale pa tsiku lotsuka lija.

Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri lero kuposa kale, chifukwa galasi la nyali silipezekanso m'golosale iliyonse. Pa kalembera wa 2008, mabanja oposa 8 pa 10 alionse m'Malawi ankaunikira palafini. Pofika kalembera wa 2018 anali osakwana awiri pa 100, chifukwa matochi a mabatire ndi nyali za sola zinalowa m'malo mwake. Komabe nyali yagalasi ikadalipo. Ena anaisunga kuti iziwathandiza magetsi akazima, ena amaitulutsa pa maliro, ena ikadali m'khitchini ya agogo kumudzi. Galasi lake likasweka, kupeza lina lokwana bwino pa nyaliyo ndi ulendo wa kutauni.

Tiyambe ndi mwayewo. Mwaye ndi palafini amene sanapse mokwanira. Lawi likasowa mpweya, kapena chingwe chikakoka mafuta ambiri kuposa amene lawi lingawathe, timadontho ta mafuta timasanduka tifumbi takuda tosalala kwambiri, n'kukamata pa galasi pamodzi ndi kamafuta kotsala. Utengeni pa chala muufikise, mumva kuti ndi wofewa, wonona, wopanda kanthu kolasa. Mwaye pawokha sungakale galasi. Umamatirira chifukwa cha mafuta aja, ndipo chimene chimachotsa mafuta ndi sopo ndi madzi ofunda. Mphamvu ya dzanja ilibe gawo pamenepa.

Chimene chimakala galasi ndi chinthu cholimba kuposa galasilo. Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anandandalika miyala potengera kuti uti umakala unzake, kuyambira 1 wofewetsetsa mpaka 10 wolimbitsitsa. Pa muyeso umenewu galasi wamba lili pafupifupi pa 5.5, pamene timiyala toyera tonyezimira timene timadzaza mumchenga wa kumtsinje tili pa 7. Ndiye kuti kamchenga kamodzi kokha kokodwa m'nsalu yopukutira kamalemba mzere pa galasi nthawi iliyonse dzanja likazungulira. Siponji ya mbali ziwiri, ija ya mbali yobiriwira yokhakhala, nayonso ndi yoopsa, pakuti ambiri mwa masiponji otere amawapanga ndi timchenga tolimba kuposa mchenga weniweniwo kuti azipala mapoto. Soda wophikira therere ali pafupifupi pa 2.5, n'chifukwa chake amatha kutsuka galasi osalisiyira chipsera.

Mzere umodzi wosaoneka bwino ungaphe bwanji galasi lonse? Mukaona mmisiri woika magalasi a mawindo akugwira ntchito, muona kuti sacheka galasi. Amangolemba kamzere kamodzi pamwamba ndi kachitsulo kake, n'kupinda pang'ono, galasi n'kuthyoka motsata kamzereko. Galasi la nyali limapindidwa ndi moto. Nyali ikayaka, mkati mwa galasi mumatentha msanga n'kufutukuka pamene kunja kukadali kozizira, ndipo pamwamba pamatentha kuposa m'munsi. Galasi losalala limapirira kukokana kumeneku, koma lokalika lili kale ndi poyambira. Usiku wa mu June mphepo yozizira ikaliwomba, kapena dontho la mvula likaligwera, mng'alu umayambira pa kamzere kaja. Palinso vuto lina laling'ono koma lotopetsa: timizere timasunga mwaye, moti galasi lokwechedwa ndi mchenga limada msanga, limavuta kuyera, n'kumafunanso kukwechedwa mwamphamvu.

Tsopano titenge nyali imodzi tiitsuke. Tinene kuti ndi nyali yagalasi ya chogwirira cha waya, ija ili ndi timapaipi tiwiri m'mbali, ndipo yachezera usiku wonse pa maliro. Wina anakweza chingwe pakati pa usiku kuti kuwale, anthu n'kutanganidwa ndi nyimbo. M'mawa galasi lada bii mbali imodzi, kuchokera pakati kukafika pamwamba, ndipo mbali inayo langochita kautsi kofiirira.

Choyamba n'kudikira. Nyali ikazimitsidwa isiyeni theka la ola, mpaka muthe kuligwira galasi ndi kuseri kwa dzanja osamva kufunda. Galasi lotentha likakumana ndi madzi limasweka ngakhale lilibe kamzere n'kamodzi komwe. Podikirapo sambani m'manja, vulani mphete ngati mwavala, ndipo yalani kansalu patebulo kapena pamkeka. Musagwirire ntchitoyi pansi pabwalo, pamene mchenga uli paliponse. Pochotsa galasi, kokerani m'mwamba kamphete ka pa chivindikiro cha nyali, mupendeketse galasi pamodzi ndi mawaya olitchinga, kenako mulisolole modekha. Musalikakamize podutsa pa mawayawo, chifukwa waya wadzimbiri nawonso umakala.

Anthu ambiri amayamba ndi kulipukuta louma ndi nyuzipepala. Nyuzipepala payokha ilibe vuto, ndi yofewa ndipo imayamwa mafuta. Koma nyali imene yakhala panja usiku wonse yatola fumbi, ndipo fumbi lathu lili ndi mchenga. Choncho yambani ndi kunja: thirani madzi oyera pa galasi kuti fumbi litsike lokha musanaligwire ndi nsalu. Mkati, momwe muli mwaye wochindikala, lowetsani pepala lofewa lofwinyafwinya, mulidutsitse kamodzi kuchokera m'munsi kutulukira pamwamba osasindikiza, mulitaye, mutenge lina. Cholinga apa n'kuchotsa mwaye wosamatirira kuti usadetse madzi otsukira. Galasi silinayerebe, ndipo musalikakamize kuti liyere pa gawo lino.

Kenako konzani madzi. M'beseni lapulasitiki thirani malita awiri a madzi ofunda, ofunda moti mukhoza kusambitsira mwana, n'kuikamo supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale. Ngati mulibe, pukusani sopo wamtanda mpaka madzi achite thovu. Sopo waufa wochapira amagwiranso ntchito, bola asungunuke yense galasi lisanalowe. Yalani kansalu pansi pa beseni, gonekanipo galasi kuti limire lonse, mulisiye mphindi 15 kapena 20. Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndi pomwe ambiri amapupuluma. Sopo amafunika nthawi kuti alowe pansi pa mwaye n'kumasula mafuta amene aumatirira. Mukadzabwerera mupeza madzi ada, ndipo tizidutswa ta mwaye tikuyandama tokha.

Tsukirani m'madzi momwemo ndi kansalu kathonje kofewa, monga chidutswa cha malaya amkati akutha kapena chitenje chimene chachapidwa kambirimbiri. Nsaluyo ikhale yongotsukira nyali basi, yosungidwa m'jumbo, yosapukutira tebulo kapena pansi. Ngati dzanja silikulowa, kulungani nsalu kumutu kwa kamtengo kosalala, monga mpini wa chipande, ndipo muonetsetse kuti nsonga yake yaphimbika. Musakulunge pa mpeni kapena pa supuni yachitsulo. Pukutani mozungulira mopepuka, mukutembenuza nsalu kuti nthawi zonse mbali yoyera ndiyo izikhudza galasi. Mukamva kakuti khwee pansi pa nsalu, imani pomwepo. Kumeneko ndi kamchenga. Tsukuluzani nsalu ndi galasi musanapitirize.

Pa nyali yathu ya pamaliro ija, mbali ya kautsi kofiirira iyera pa ulendo woyamba. Mbali yakuda bii isiya kabanga kouma pafupi ndi mlomo wapamwamba, pamene lawi linkanyambita galasi n'kuwotcherera mwaye. Musakapale ndi chikhadabo kapena lezala. Sakanizani masupuni aang'ono awiri a soda ndi supuni imodzi ya madzi kuti apange phala, mupake pa bangalo ndi chala, mudikire mphindi khumi, kenako mupukute ndi nsalu yonyowa. Likakana, bwerezani kawiri kapena katatu. Njira ina ndi kudonthezera palafini pang'ono pa kansalu n'kupukuta bangalo, popeza palafini amasungunula phula lochokera ku palafini yemweyo. Mukatero tsukaninso ndi sopo, chifukwa galasi lotsala ndi mafuta limanunkha likatentha ndipo limakoka mwaye watsopano.

Nanga phulusa, limene makolo athu ankatsukira chilichonse? Iwo sankalakwa. Phulusa la nkhuni likanyowa limatulutsa madzi oterera amene amadula mafuta, madzi omwe aja a chidulo. Vuto ndi zimene zimabwera nalo. Phulusa lotapa pamafuwa lasakanikirana ndi dothi la pansi, ndipo la m'mbaula lili ndi mchenga wochokera ku uvuni, popeza makala amawotchedwa atakwiriridwa ndi dothi. Ngati sopo palibe, tengani mphamvu ya phulusa musiye mchenga wake. Thirani kapu imodzi ya phulusa loyera mu lita imodzi ya madzi, mutakase, mudikire kuti lidikhe, kenako mutsanule madzi apamwamba okha kudzera pa nsalu. Viikani galasi m'madzi amenewo. Amaumitsa khungu ndipo amalyalya pa bala, choncho musasiyemo manja nthawi yaitali, komanso asakugwereni m'maso.

Mukatsukuluza ndi madzi oyera, unikani galasi padzuwa. Nthawi zina mwaye ukachoka pamatsala kachifunga koyera. Kawirikawiri kamachokera ku madzi a pamjigo okhala ndi mchere wa m'nthaka. Viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana amakachotsa m'mphindi zochepa, ndipo madzi a mandimu amathandizanso. Kachifunga kakapanda kusuntha ngakhale ndi viniga, ndipo mukaona timizere tozungulira topyapyala polipendeketsa padzuwa, ndiye kuti galasilo linakalika kale. Palibe mankhwala apakhomo amene angalibwezere. Ligwiritseni ntchito mosamala, muziliyatsa ndi lawi laling'ono, ndipo muyambe kufunafuna lina.

Kuumitsa kulinso ndi malamulo ake. Pukutani ndi nsalu youma yoyera, kenako muliimike pa nsalu pamthunzi ola limodzi kuti chinyezi cha m'milomo chithe. Dontho limodzi lotsalira m'munsi, pamene galasi limakhala pa chitsulo, ndi lokwanira kuliswa nyali ikayaka. N'chifukwa chake nthawi yabwino yotsuka nyali ndi m'mawa. Kutsuka dzuwa litalowa, mdima ukukufulumizani, n'kumene kumaphetsa magalasi.

Galasi lili kuuma, funsani chimene chinalidetsa, chifukwa mwaye umanena wokha komwe wachokera. Kuda mbali imodzi, ngati pa nyali yathu ija, kumasonyeza kuti chingwe chapsa mopendekera ndipo lawi lili ndi nyanga imodzi yaitali. Chikwezeni, mudule gawo lopserera ndi sizasi yakuthwa mowongoka, n'kudulako pang'ono timakona tiwiri. Kuda mozungulira pamwamba ponse kumasonyeza kuti chingwe chinakwezedwa mopitirira. Kuda msanga ngakhale lawi lili laling'ono kumaloza ku mpweya kapena ku mafuta. Yang'anani kachitsulo ka timabowo kamene galasi limakhalapo, pakuti timabowoto timatsekeka ndi fumbi ndi tizilombo takufa. Titsegulireni ndi mswachi wakutha, ndipo pukutaninso mwaye wa pansi pa chivindikiro, umene umagwera pa galasi loyera mukangoyatsa. Zonsezi zikakhala bwino koma nyali n'kumafukabe, ndi fungo lolemera loyabwa m'maso, kayikirani palafiniyo, mwina ndi wakuda kapena wosakanizidwa ndi dizilo. Akamanunkha petulo musamuyatse n'komwe, chifukwa nyali ikhoza kuphulika. Poyatsa, yambani ndi lawi lotsika, mulole galasi lifunde mphindi zitatu kapena zisanu, kenako mukweze pang'onopang'ono. Lawi limakula lokha nyali ikatentha, ndiye mukalikweza msanga n'kuchokapo mudzapeza likufuka.

Mbaula ndi nkhani ina pang'ono, ngakhale mdani wake ndi yemweyo. Makala opsa bwino satulutsa mwaye wambiri. Mbaula ikada ndi mwaye wonona, kawirikawiri gwero lake ndi zoyatsira, monga majumbo, zidutswa za mphira, palafini wothira pa makala, kapena makala osapsetsa amene akadali nkhuni mkati. Enanso ndi mafuta a nyama yowotcha ndi msuzi wosefukira, zimene zimapserera pa chitsulo n'kugwira phulusa.

Mbaula ya chitsulo chokhachokha, yokhomedwa ndi amisiri a pamsika kuchokera ku malata kapena migolo yakale, ilibe zambiri zoti muope. Koma mbaula yokhala ndi dongo lowotcha mkati, ndi zija zamakono zopaka penti wonyezimira kunja, zimafuna dzanja lofatsa. Penti, kapena kachikuto kotuwa ka pa malata, ndiko kamatchinga chitsulo ku dzimbiri. Waya wotsukira ndi mchenga zimachotsa kachikutoko pamodzi ndi mwaye. Mbaula imaoneka yowala tsiku limenelo, koma mvula ikayamba timizere tonse timasanduka tofiira, ndipo chitsulo chopyapyala chimene chimatenthedwa tsiku ndi tsiku sichichedwa kubooka.

Yambani mbaula itazizira, makamaka m'mawa musanasonkhe moto. Khuthulani phulusa lonse, kenako musese ndi bulashi yofewa kapena kamtolo ka nthenga za nkhuku, muli panja ndipo mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu kuti fumbi lisakuloweni m'chifuwa. Kusesa mouma kumabwera poyamba chifukwa phulusa la makala lili ndi mchenga, ndipo mukayamba ndi nsalu yonyowa mumakhala mukukwecha penti ndi mchengawo. Mukatha kusesa, viikani nsalu m'madzi ofunda a sopo, muifinye kuti isadonthe, n'kupukuta chitsulo cha kunja kuchokera pamwamba kutsikira pansi, mukuitsukuluza pafupipafupi. Pamene msuzi unapserera, yalanipo nsalu yonyowayo mphindi khumi kuti pafewe. Chikhoko chikafewa chikankheni ndi kamtengo kaphanthiphanthi, kenako pakanipo phala la soda lija. Chinkhupule chofewa bwino m'madzi chimatha kugwira ntchito pa tizitsulo tokhazikapo poto, koma pa penti wonyezimira nsalu ndiyo yabwino. Ngati mbaula ili ndi mbali za aluminiyamu, madzi a phulusa asafikepo, amaidetsa n'kuisiyira mawanga.

Dongo la mkati musalitsuke ndi madzi. Dongo lowotcha limamwa madzi, ndipo mukasonkha moto lisanaume madziwo amasanduka nthunzi mkati mwake n'kulithetha. Chimodzimodzi kuzimitsa makala pothira madzi m'mbaula momwemo, chizolowezi chimene chapha mbaula zambiri zikadali zatsopano. Makala otsala achotseni ndi chopanira, muwaike m'chitini chokhala ndi chivindikiro kuti azime okha. Kuda kwa dongo kusakudetseni nkhawa, moto wamphamvu wotsatira umawotcha mwaye wambiri wokha. Chofunika ndi mabowo a pansi pa makala, amene mpweya umalowera. Akatsekeka moto umafooka ndipo utsi umachuluka. Atseguleni ndi kamtengo kocheperapo kuposa bowolo, mukukazunguza modekha. Msomali ndi waya zimagumula m'mphepete mwa mabowo, mabowo awiri n'kukhala limodzi, mpaka pansi ponse kugwa.

Mukamaliza, pukutani chitsulo ndi nsalu youma n'kuiyanika mbaula padzuwa. Musaiumitse poisonkhera moto m'nyumba yotseka, pakuti makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka komanso wosanunkha. Ngati ikasungidwa nthawi yaitali, pakani timadontho ta mafuta ophikira pa chitsulo chopanda penti n'kupukuta mpaka pasatsale kunona. Ndipo phulusa lisagone m'mbaula nyengo ya mvula. Limakoka chinyezi n'kuchisunga pa chitsulo, dzimbiri n'kuyambira pansi, pamene maso safika, moti mbaula imene phulusa lake limakhuthulidwa m'mawa uliwonse imangofunika kupukutidwa ndi sopo kamodzi pa sabata.